Loya mmodzi pakati pa wogula ndi wogulitsa

Ndemanga yathu lero ikukhudza chizolowezi chimene ambiri amachitenga ngati nzeru yopulumutsira ndalama: wogulitsa nyumba ndi wogula kupita kwa loya mmodzi kuti awalembere pangano onse awiri. Amati tagwirizana kale, palibe mkangano, tilipirirenji maloya awiri? Nthawi zambiri zimathadi bwino. Koma tiyeni tione tsiku limene sizitha bwino, ndi zimene loyayo angachite pa tsiku limenelo.

Tiyerekeze motere. Mayi wina wamasiye ku Zomba akugulitsa nyumba imene amuna ake anamusiyira, pa mtengo wa K60 miliyoni. Wogula ndi bambo wa bizinesi ya malole. Agwirizana kuti bamboyo apereke K15 miliyoni poyamba, nyumba ilembedwe m'dzina lake nthawi yomweyo, ndipo ndalama zotsala azimalize m'miyezi isanu ndi umodzi. Bamboyo ndiye wasankha loya, ndipo mayiyo wavomera kuti loya yemweyo awathandize onse. Chimene mayiyo sakudziwa n'chakuti chaka chatha loyayu ankaimira bamboyu pa mlandu wa ngongole ya kubanki. Bamboyo anagonja, malole awiri analandidwa, ndipo pali eni ngongole ena amene akumulondabe. Loya akudziwa bwino kuti K45 miliyoni yotsalayo n'zokayikitsa kuti idzabwera. Akudziwanso kuti nyumba ikangolowa m'dzina la bamboyo, eni ngongole aja akhoza kuithamangira.

Mapepala ali patebulo. Loya achite chiyani?

Mtima wa munthu aliyense wachifundo ukuti awatsine khutu mayiwo. Awaitanire pambali n'kunena kuti, amayi, munthu uyu ali ndi ngongole zosaneneka, musasayine. Koma zimene loya akudziwazo anazidziwira pa ntchito yoimira bamboyo, ndipo udindo wosunga chinsinsi sutha mlandu ukatha. Sutha ngakhale kasitomala atasamukira kwa loya wina, ngakhale atamwalira. Mwini chinsinsi ndi kasitomala, ndipo ndi iye amene angamasule loya kuti alankhule. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu akamaopa kuti zimene wauza loya wake lero zidzamupweteka mawa, adzayamba kubisa, ndipo loya amene wauzidwa theka la nkhani amapereka uphungu wolakwika.

Wina anena kuti chigamulo cha khoti si chinsinsi, aliyense akhoza kukachipeza. Zoona. Koma udindo wa loya ndi wotakata kuposa pamenepo. Sayenera kufalitsa zonyozetsa kasitomala wake zimene anazidziwa pomutumikira, ngakhale zitalembedwa m'mabuku a khoti.

Ndiye angokhala chete, alembe pangano monga auzidwira? Apa ndi pamene maloya ambiri amagwera, chifukwa kukhala chete kumaoneka ngati kusalakwira aliyense. Koma mayi uja nayenso ndi kasitomala wake. Loya ali ndi udindo wouza kasitomala chilichonse chimene akudziwa chokhudza nkhani imene wamulembera ntchito. Mayiyo sakulipira munthu wongotayipa mapepala. Akulipira munthu woti amuteteze, ndipo chinthu chachikulu chimene chikanamuteteza ndi chomwecho chimene loya watsekera pakamwa.

Izi si nthano chabe. Zinachitika ku Mangalande, mumzinda wa Blackpool, ndipo mlandu wake umadziwika kuti wa Hilton ndi kampani ya maloya ya Barker Booth and Eastwood. Hilton anali womanga nyumba wamng'ono. M'chaka cha 1990 anagwirizana ndi munthu wina, Bromage, kuti amange mafulati asanu ndi limodzi ndipo Bromage adzawagule. Kampani imodzi ya maloya inaimira onse awiri. Maloyawo ankadziwa kuti Bromage anali atangotuluka kundende pa milandu ya chinyengo ndiponso kuti khoti linamugamulapo kuti walephera kubweza ngongole zake, chifukwa ndi iwo omwe anamuimira pa milanduyo. Sanamuuze Hilton. Choipa koposa, ndalama ya chikole ya mapaundi 25,000 imene Bromage anayenera kupereka inachokera kwa maloya omwewo, zimene zinamuchititsa kuoneka ngati munthu wa ndalama. Mafulati atamangidwa Bromage sanalipire, ndipo bizinesi ya Hilton inagwa.

Maloyawo podziteteza anati sakanatha kuulula za Bromage chifukwa anali kasitomala wawo. Makhoti apansi anaona kuti, popeza kuulula kunali koletsedwa, Hilton sakanalandira chipukutamisozi chenicheni. Koma mu 2005 khoti limene panthawiyo linali lalikulu koposa m'dzikolo, House of Lords, linatembenuza chigamulocho. Linavomereza kuti maloyawo analibe ufulu woulula za Bromage. Linanenanso kuti zimenezo sizinachotse udindo wawo kwa Hilton. Loya akadzilowetsa yekha pamalo pamene maudindo awiri akuwombana, kulakwa ndi kwake, ndipo sangagwiritse ntchito udindo wina ngati chishango pamene waphwanya unzake. Popeza malamulo athu ambiri ku Malawi anachokera ku Mangalande, ndipo makhoti athu amamvera zigamulo zakumeneko ngati zopereka nzeru, loya wa ku Zomba uja sayenera kuganiza kuti nkhaniyi ndi yakutali.

Tibwerere patebulo paja. Loya wochenjera angaganize zotaya mmodzi n'kutsala ndi mmodzi. Atsale ndi mayi wamasiye? Chinsinsi cha bambo uja chikadali m'mutu mwake. Sangachiulule, komanso sangachigwiritse ntchito mobisa polimbana ndi mwini wake. Atsale ndi bamboyo? Pofika pano mayiyo nayenso wamukhuthulira zakukhosi. Mwina wamuuza kuti akufunitsitsa ndalama ya fizi ya mwana wake kuyunivesite mwezi uno usanathe, ndipo kuti atakakamizidwa akhoza kutsitsa mtengo. Loya amene wamva zimenezo n'kuwolokera kwa wogula wanyamula chida chimene mayiyo anamupatsa yekha momukhulupirira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo apa wovumbwa woyamba si loya, ndi kasitomala.

Ena amati, basi ndimupatsa mnzanga wa muofesi momwemo aimire mayiwa. M'kampani ya maloya atatu amene ali ndi kalaliki mmodzi, kabati imodzi ya mafayilo ndi tebulo limodzi lomwera tiyi, uku n'kudzinamiza. Mu 1998, pa mlandu wa Kalonga Jefri Bolkiah wa ku Brunei ndi kampani yowerengera chuma ya KPMG, khoti lomwe lija linaletsa kampaniyo kugwira ntchito yofufuza chuma imene ikanamupweteka kalongayo, chifukwa inali itamutumikirapo pa milandu yake ndipo inkadziwa zinsinsi za chuma chake. KPMG inati yalekanitsa antchito ake kuti zinsinsi zisadutse. Khoti linati mpanda womangidwa mwadzidzidzi chifukwa cha ntchito imodzi si wokwanira, ndipo ndi kampaniyo imene iyenera kusonyeza kuti palibe chiopsezo chenicheni choti chinsinsi chiwoloke. Ngati kampani yaikulu chotero inalephera kukhutiritsa khoti, kaofesi ka zipinda ziwiri kangathe bwanji?

Chotsala ndi ichi. Loya ayambe wakumana ndi bamboyo payekha n'kumuuza mosabisa kuti, bambo, sindingapitirize ntchito iyi pokhapokha mutandilola kuwauza mayiwa za ngongole zanu. Akalola, makamaka polemba, mayiyo amve zonse n'kusankha ndi maso otsegula. Ngakhale pamenepo, ine ndikuona kuti pangano la kulipira pang'onopang'ono silifunika loya mmodzi, chifukwa chiganizo chilichonse choteteza wogulitsa chimamanga wogula. Bamboyo akakana, loya asiye kuimira onse awiri pa nkhani imeneyi. Awauze kuti papezeka chifukwa chimene chikumuletsa kupitiriza, kuti sangachitchule, ndipo kuti aliyense apeze loya wakewake asanasayine chilichonse. Abweze mapepala a aliyense kwa mwini wake, abwezenso ndalama imene sanaigwirire ntchito.

Mwina mukuti, kodi mayiyo sakayikira akaona loya akuthawa? Akhoza kukayikira, ndipo zimenezo si kulakwa kwa loya, bola asawonjezere ndi kutsinzinira diso kapena mawu ophiphiritsa. Taonani chimene chimachitika mayiyo akapeza loya wake. Loya watsopanoyo sadziwa kanthu za malole olandidwa aja, koma ntchito yake ikumuuza kuti asalole nyumba kusintha dzina ndalama zisanathe, kapena, ngati isinthe, alembetse nyumbayo ngati chikole cha K45 miliyoni ija ku ofesi ya zamalo, kuti mayiyo akhale patsogolo pa ena odzafuna zawo. Akhozanso kufufuza kukhoti ngati wogulayo ali ndi milandu ya ngongole. Chitetezo chimene loya woyamba sakanatha kupereka popanda kuphwanya chinsinsi, loya wachiwiri akuchipereka popanda kuphwanya kalikonse.

Nanga bwanji pa chilolezo chija chimene onse awiri anapereka pachiyambi, kuti loya mmodzi awaimire? Chilolezo chimakhala ndi mphamvu pamene wochipereka akudziwa chimene akulolera. Mayi uja analola osadziwa kuti loya wasunga nkhani imene sangamuuze, ndiye chilolezo chakecho n'chopanda pake. N'chifukwa chake kulakwa kwenikweni kunachitika tsiku loyamba, pamene loya anamva dzina la wogula, n'kukumbukira fayilo ya chaka chatha, koma n'kuwapatsabe mipando onse awiri. Tsiku limenelo akanatha kunena kuti, amayi, ine ndikuimira bambo awa okha, inu pezani wanu, ndipo musandiuze chilichonse chimene simukufuna kuti iwo amve.

Pali malire amodzi oyenera kuwatchula. Tiyerekeze kuti bamboyo wauza loya kuti, tilembe msanga, nyumba ikangolowa m'dzina langa ndikaikongolera ndalama kwina ndipo mayiwa sadzaonanso tambala. Apa si nkhani ya ngongole zakale ayi, ndi chinyengo chimene akufuna kuti loya amuthandize kuchita. Kuyambira pa mlandu wa Cox ndi Railton wa mu 1884, lamulo la ku Mangalande limati zokambirana zofuna kupititsa patsogolo upandu kapena chinyengo sizitetezedwa, ndipo khoti likhoza kulamula loya kuti azinene. Loya wathu sayenera kulemba ngakhale mzere umodzi wa pangano limenelo. Koma asasokoneze ziwirizi: munthu wa ngongole amene akuyembekeza kuti bizinesi idzadzuka sanapalamule mlandu, ndipo kumukayikira kokha sikumasula loya kuti aulule.

Ngati loya wa ku Zomba uja angasankhe kukhala chete, pangano n'kusayinidwa, ndalama osabwera, mayiyo ali ndi njira ziwiri zimene angayende nthawi imodzi. Akhoza kukadandaula ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti loyayo afunsidwe za khalidwe lake. Akhozanso kumusumira kukhoti, monga anachitira Hilton, kuti amulipire zimene wataya chifukwa chosauzidwa zimene loya wake ankadziwa.