Mtengo ndi chilema zikhale pamwamba pa uthenga

Wogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe amadziwa kulankhula ndi mlendo. Galimoto ikaima, amayamba ndi moni, n'kutamanda zipatso zake kuti n'zozuna, zolimidwa pa phiri pompano, n'kumulawitsa imodzi. Mtengo umabwera pomaliza, ndipo kawirikawiri umatengera nkhope ya wogula ndi galimoto yomwe wakwera. Pamsewu njira imeneyi imagwira. Vuto limayamba munthu yemweyo akatenga mawu omwewo n'kukawaponya pa gulu la Watsapu la ogula ndi ogulitsa a m'tauni ya Zomba.

Uthenga wake umaoneka chonchi: moni kwa onse, kuthokoza oyang'anira gulu, mizere inayi yoyamikira zipatso za paphiri, zithunzi zisanu ndi chimodzi, kenako "ofuna abwere ku inibokosi". Mtengo palibe. Tsiku lothyola palibe.

Amene ali pa gulu lotere si alendo odzaona malo. Ndi mayi wa ku Matawale wophika makeke, wophunzira wa ku Unima wokhala ku Chikanda, wamalonda wa mumsika waukulu yemwe akufuna kupikula. Pa gulu pamagwa mauthenga ambirimbiri, a nsapato, makala, mafoni, nkhuku, ndipo aliyense amangothamangitsa chala. Ambiri anazimitsa zoti zithunzi zizitseguka zokha poopa kutha bando, choncho chomwe amaona ndi mawu okha. Komanso Watsapu imadula uthenga wautali n'kusiya mawu oti `Read more`. Ngati mtengo uli kuseri kwa mawu amenewo, ndiye kuti kwa anthu ambiri mtengowo kulibe.

Tingoyerekeza kuti wogulitsayo ali ndi timadengu 20 ndipo akufuna K3,500 pa kamodzi. Uthenga woyenera gululi ungakhale wotere:

"Sitiroberi, K3,500 kadengu, titatu K9,500. Zothyola lero m'mawa, zosatsuka, zina n'zazing'ono. Tilipo 20. Ndifika pa depoti ya Zomba 11 koloko. Kukufikitsirani kunyumba, ya kabaza ndi yanu. Airtel Money kapena Mpamba."

Palibe moni, ndipo ena anganene kuti n'kupanda ulemu. Koma pa gulu la malonda, ulemu waukulu n'kusatayitsa munthu nthawi ndi bando. Moni ali ndi malo ake, munthu akaimba foni kapena pokumana pa depoti.

Mzere wachiwiri ndi umene ambiri amauzemba. Kwa sitiroberi, kunena mmene katundu alili n'kunena tsiku lothyola. Chipatsochi sichichedwa kufewa. Kuphiri kumazizira, koma zikatsika m'tauni nthawi yotentha, zothyola dzulo zimayamba kutuluka madzi pansi pa dengu, ndipo zotsukidwa zimachita nkhungu msanga kuposa zosatsuka. Mayi wa makeke amafuna zolimba zokongoletsera pamwamba. Wopanga jamu kapena juwisi alibe nazo ntchito zolimba, iye akufuna zotchipa. Ndiye zadzulo zisabisidwe pansi pa zalero. Zilembedwe padera, "zadzulo, zofewa pang'ono, zabwino jamu, K2,000", ndipo zipeza mwini wake. Kuzisakaniza kumapha zonse ziwiri: wogula akapendeketsa dengu n'kuona zonyowa pansi, amatsitsa mtengo wa dengu lonse, kapena amabwerera pa gulu kukadandaula pamaso pa anthu mazana.

Mawu oti "kadengu" nawonso ali ndi msampha, poti timadengu sitifanana. Amene ali ndi sikelo alembe kulemera kwake. Amene alibe ajambule kadenguko kali m'manja kapena pambali pa botolo la Fanta kuti kukula kwake kuoneke. Chithunzi chimodzi chojambulidwa lero chikukwana. Zithunzi zotola pa intaneti, za zipatso zonenepa ngati tomato, zimangodzetsa mkangano pa depoti.

Obisa mtengo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Choyamba n'choti mnzako wa malonda omwewo ali pa gulu lomwelo, ndipo akaona K3,500 alemba K3,200. Zimachitikadi. Koma mnzakoyo mtengo amaudziwa kale, mumagulitsa msewu umodzi, ndipo akafuna atha kutuma mlongo wake ku inibokosi kukafunsa. Amene amatsala mumdima ndi wogula yekha. Chachiwiri n'choti mitengo siikhazikika. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wamalonda aliyense amaopa kuti mtengo wa sabata yatha umutsata. Mankhwala ake ndi mawu awiri, "mtengo wa lero", ndipo katundu akatha, kulemba kuti "zatha" pansi pa uthenga womwewo.

Chifukwa chachitatu sichinenedwa poyera: ku inibokosi munthu amatha kuyeza wogula n'kumutchulira mtengo wakewake, monga zimakhalira ndi mlendo wa pa galimoto. Pa gulu izi sizikhalitsa. Zomba ndi tauni yaing'ono. Anthu awiri a ofesi imodzi akagula kwa munthu mmodzi, wina K3,000 wina K4,500, pofika nthawi ya nkhomaliro adziwana kale. Mlendo wa kuphiri amapita osabweranso, koma wa ku Chinamwali adzafunanso zipatso sabata yamawa.

Kulemba mtengo sikuletsa kunenerera. Kungofuna kuwerengera usanalembe. Ngati wogulitsa sangatsike kupitirira K3,000, kulemba K3,500 kumamusiyira K500 yokambirana, ndipo "titatu K9,500" n'kutsitsa kale K1,000 kwa wogula zambiri, chikhalirecho kadengu kalikonse kakadali pamwamba pa K3,000. Timadengu 20 tonse titapita pa mtengo wotsikitsitsawo, ndi K60,000, ndipo pamenepo pachoke ya thiransipoti yotsikira ndi kukwerera phiri. N'chifukwa chake nkhani ya kabaza iyenera kulembedwa poyambirira. Wogula wa ku Sadzi akatenga kadengu kamodzi n'kuyembekeza kuti kamufikira pakhomo ulere, njinga yamoto ya K2,000 imadya kuposa theka la ndalama ya kadengu konse.

Kudziwa ngati uthenga walakwika n'kosavuta: mayankho amanena okha. Pakachuluka "zingati?", "zili kuti?", "n'zaliti?", ndiye kuti uthengawo sunagwire ntchito yake, ndipo wogulitsa akhala m'mawa wonse akuyankha funso limodzimodzi kwa anthu khumi, zipatso zikufewa padzuwa. Uthenga wabwino umabweretsa mayankho a mtundu wina: "ndisungireni tiwiri", "ndikupezani pa depoti".

Katundu wogwiritsidwa kale ntchito amatsata dongosolo lomweli, kungoti m'malo mwa tsiku lothyola pamabwera chilema. Ophunzira akamatsekera, magulu amadzaza ndi matiresi, mahotipuleti ndi mafoni, ndipo pafupifupi onse amalembedwa kuti "yabwinobwino". Mawu amenewa anatha mphamvu. Wogula amafuna kumva kuti hotipuleti ili ndi mbale ziwiri koma imodzi siyaka, kapena kuti foni inasinthidwa sikirini ndipo batire limatha pofika madzulo. Wogulitsa amaopa kuti chilema chithamangitsa anthu. Chimathamangitsadi ena, omwewo amene akanabweza katunduyo ataona ndi maso, atamuwonongetsa kale ndalama ya minibasi. Wotsalayo ndi amene waona chilema ndi mtengo pamodzi n'kuvomera zonse. Munthu wotero akafika pa Mpondabwino kudzatenga hotipuleti, sangayambenso kunena kuti mbale inayo siyaka ndiye mutsitse, poti zinalembedwa pa mzere wachiwiri.