Puloti ya ku Lilongwe inachokera ku Japan?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu lino za mchitidwe umene wafala wotchula mitengo ya malo ndi magalimoto m'madola, ngati kuti kwacha inathetsedwa ife osauzidwa. Ndine mphunzitsi, malipiro anga amabwera m'makwacha, ndipo zimene ndilembe pano zinandigwera ndekha.

Mu Okutobala 2023 ndinapeza puloti chakumadzulo kwa Lilongwe, njira ya ku Mchinji. Mwini wake, amene sindimutchula dzina, anati mtengo ndi madola 5,000, koma ndizipereka makwacha malinga ndi mtengo wa dola patsiku lolipira. Nthawi imeneyo dola inali pa K1,180 kubanki, ndiye nditawerengera zinakwana K5,900,000. Ndinapereka theka, K2,950,000, ndalama imene ndinasonkhanitsa ku banki mkhonde ndi kugulitsa soya, tinagwirizana kuti yotsalayo ndimaliza pakutha pa Disembala. Pa 9 Novembala Banki Yaikulu inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola inafika pa K1,700. Madola 2,500 otsala aja, amene ndinkawerengera kuti ndi K2,950,000, anasanduka K4,250,000. Usiku umodzi wokha ngongole yanga inakula ndi K1,300,000, pamene pulotiyo ili pomwepo, chulu chake chomwecho, msewu wake wafumbi womwewo, ndipo malipiro anga sanasunthe ngakhale ndi tambala.

Ndisanakwiye kwambiri, ndinene chilungamo: kwa ogulitsa magalimoto ndimamvetsa. Galimoto za kaunjika zimene timakwerazi zimagulidwa ku Japan m'madola, sitima yozibweretsa ku Dar es Salaam imalipidwa m'madola, ndipo zikafika pa Songwe a MRA amawerengera msonkho potembenuza mtengo wa m'madola uja kukhala makwacha. Tiyerekeze kuti munthu anaitanitsa galimoto ya madola 4,000 mpaka padoko. Dola ili pa K1,180, anawononga K4,720,000, msonkho ndi mafuta a m'njira osawerengera. Wagulitsa, wapeza phindu la K1,000,000, akusangalala. Kwacha itagwa, galimoto yofanana ndi yomweyo ikufuna K6,800,000 padoko pomwepo, kutanthauza kuti yakwera ndi K2,080,000. Phindu lija lamezedwa, mpamba nawo wadyeka, ndipo munthu amene pa pepala anapindula sangathe kuitanitsanso galimoto ina. N'chifukwa chake wamalonda wochenjera sayang'ana ndalama imene anagulira katundu, amayang'ana imene adzagulire katundu wolowa m'malo mwake. Akatchula mtengo m'madola, akuteteza mpamba.

Nanga puloti? Dothi la ku Lilongwe silinakwere sitima, silinadutse pa Songwe. Ndinamufunsa mwini malo uja funso lomweli, ndipo yankho lake linandikhazika chete kwa kanthawi. Anati iye kwa zaka zambiri wasunga chuma chake m'dothi chifukwa dothi siliwola. Akaligulitsa, amatsala ndi makwacha, ndipo makwacha akakhala kubanki chiwongoladzanja chake chimachepa poyerekeza ndi m'mene mitengo ya zinthu ikukwerera. Ndalama yanga amafuna kumangira nyumba, koma malata, zitsulo, penti ndi matailosi zonse mitengo yake imatsatira dola. Anandikumbutsanso kuti mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Munthu amene waona zimenezi katatu safunika kuuzidwa kuti kulola wogula kulipira pang'onopang'ono m'makwacha n'kumupatsa malo motchipa. Ndipo ogula ena, abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande, amalandira ndalama zakunja, ndiye mtengo wa m'madola sawuona chachilendo.

Zonsezi n'zoona. Koma taonani chimene chikuchitika. Kugwa kwa kwacha ndi katundu wolemera amene wina ayenera kusenza. Mtengo ukakhala m'makwacha amasenza wogulitsa, ukakhala m'madola amasenza wogula. Katunduyo sachepa, amangosintha mutu. Ndipo m'dziko muno akutulidwa pa mutu wa munthu amene sangathe kudziteteza, mphunzitsi, namwino, wapolisi, amene sanagwirepo dola chibadwire ndipo malipiro ake amasintha kamodzi pachaka, akasinthanso. Mwini malo akanatha kundiuza mtengo wokwererapo m'makwacha, kapena kundipatsa masiku ochepa oti ndimalize, ndikanadziwa chimene ndikulowamo.

Chimene chinandipweteka koposa ndi china. Nditapita ndi K4,250,000 yanga, yobwereka kwa achimwene ndi kwa a katapila, bambo aja anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, mwawerengera dola yake iti?” Anati ya K1,700 ndi yongolembedwa pa bolodi, mukalowa m'banki kuti mugule akuuzani kuti palibe. Iwo amafuna mtengo wa pamsika wamseri, ndipo anatchula K2,000, kutanthauza K5,000,000. Pa pepala limene tinasainirana pamaso pa mboni panangolembedwa kuti “malinga ndi mtengo wa dola”, osanena wa kuti. Mawu ochepa amene sanalembedwewo anali a K750,000. Tinakangana milungu iwiri mpaka tinagawana pakati, ndinawonjezera K375,000. Dobadoba amene anatikumanitsa anali atalandira kale zake, lamya yake sinkayankhidwanso.

Apa ndi pamene pali chinyengo chenicheni. Dziko likakhala ndi mitengo iwiri ya dola, wogulitsa amasankha wokwera akamalandira, n'kusankha wotsika akamauza boma. Mpata wa mitengo iwiriyi unakula kwambiri pambuyo pake, pamene kubanki dola inangoima cha pa K1,750 koma mumsewu inadutsa K4,000. Ogulitsa ena masiku ano satchulanso dola pakamwa. Amakuuzani mtengo m'makwacha, koma n'kuwonjezera kuti “mtengo uwu ndi wa lero lokha”. Mukamva mawu amenewo dziwani kuti dola ili m'mutu mwawo.

Malamulo athu a ndalama zakunja saloleza kutchula mitengo kapena kulipiritsa m'ndalama zakunja pa malonda a m'dziko momwe muno popanda chilolezo, ndipo Banki Yaikulu imakumbutsa zimenezi nthawi ndi nthawi. Koma chikumbutso chokha sichikwanira. Anzathu a ku Zambia anaika lamulo loletsa mitengo ya m'madola mu 2012, pofika 2014 analichotsa. Ku Zimbabwe anthu anathawa ndalama yawo mu 2008 lamulo likuwaletsa, mpaka mu 2009 boma linangovomereza madola. Munthu amatchula mtengo mu ndalama imene amaikhulupirira, ndipo chikhulupiriro sichibwera ndi apolisi. Chimabwera mitengo ya zinthu ikakhazikika, komanso dola ikamapezeka kubanki pa mtengo umene walembedwa pa bolodi.

Podikira zimenezo, pempho langa likupita kwa a Banki Yaikulu ndi a Unduna wa Zamalo: tiuzeni momveka, pa wailesi ndiponso m'Chichewa, kumene munthu wouzidwa mtengo wa puloti m'madola angakadandaule. Ndipo inu anzanga amene mukufuna kugula malo molipira pang'onopang'ono, musasaine pepala limene mulibe chiwerengero chonse cha makwacha ndi masiku olipirira. Puloti yanga ya K5,900,000 ndinaigula pa K7,575,000, ndipo mpaka lero sindinaumbepo njerwa.

Mphunzitsi wodandaula,
Lilongwe