Masivi 60, mpando umodzi: umu ndi momwe mungawasefere

Masiku ano ukangolengeza ntchito imodzi, makalata amabwera ngati ngumbi. Tiyerekeze kuti amalume anu ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira, akufuna munthu wosunga mabuku a ndalama, ndipo akupatsani masivi 60 kuti muwathandize kusankha. Mukamawerenga imodziimodzi, pofika ya nambala 25 mumakhala mutaiwala kale ya nambala 3. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito tebulo la malikisi, ndipo limatheka ndi pafoni pomwe, mu Google Sheets.

Lamulo langa ndi limodzi: tebulo lithe kaye musanatsegule sivi ngakhale imodzi. Mukayamba mwawerenga, mtima umakopeka ndi wina, kenako mumakonza malikisi mokomera iyeyo osazindikira.

Tengani chilengezo cha ntchito chija, mugawe zofunika pawiri. Gulu loyamba ndi zinthu zosakambirana, monga kukhala ndi MSCE. Izi sizipatsidwa malikisi. Amene alibe, sivi yake ikhale pambali basi. Gulu lachiwiri ndi zinthu zimene anthu amaposana nazo. Sankhani zinayi zokha, ndipo chilichonse muchipatse kulemera kwake, zonse pamodzi zikwane 100. Pa ntchito ya amalumeyi ine ndingaike chonchi: zaka zimene munthu wasunga mabuku a ndalama 40, kudziwa Excel 25, kuwerengera katundu wa m'sitolo 20, mapepala a zowerengera ndalama 15. Zaka zobadwa, mtundu, chipembedzo kapena zoti munthu ali pabanja zisalowemo, chifukwa sizinena kanthu za ntchitoyo.

Kenako lembani tanthauzo la malikisi, kuyambira 0 mpaka 3. Pa kusunga mabuku, 0 ndi amene sanagwirepo, 1 ndi wosakwana chaka, 2 ndi wa chaka chimodzi mpaka ziwiri, 3 ndi woposa pamenepo. Chitani chimodzimodzi pa zinthu zinazo. Mukapanda kulemba, 2 wa m'mawa amasanduka 3 madzulo mukatopa. Ndipo perekani malikisi pa umboni. Wongolemba kuti amadziwa Excel apeze 1, wofotokoza kuti ankakonzera malipoti a mwezi ndi mwezi mu Excel apeze 3.

Patebulo, mitu inayi ija ikhale mumzere woyamba, kuyambira B1 mpaka E1. Kulemera kukhale pansi pake, B2 mpaka E2. Maina ayambire pa A3 kutsika. Pa F3 lembani izi, kenako mukopere m'mizere yonse yam'munsi:

```
=SUMPRODUCT($B$2:$E$2,B3:E3)/3
```

Apa likisi iliyonse ikuchulukitsidwa ndi kulemera kwake, zonse n'kuphatikizidwa, kenako kugawa ndi 3 kuti yankho likhale pa 100. Tizizindikiro ta $ timakhomerera mzere wa kulemera kuti usasunthe. Mukatiiwala, woyamba yekha amapeza malikisi oona, ena onse amapeza timanambala tosapitirira 12. Njira yoyesera ndi yapafupi: pansi penipeni lembani munthu wongopeka wa 3 paliponse. Akapanda kupeza 100, pali cholakwika.

Tiyeni tione anthu awiri. Woyamba ali ndi dipuloma komanso Excel amaidziwa bwino, koma wagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha. Malikisi ake ndi 1, 3, 1, 3. Wachiwiri mapepala ndi ochepa, koma wasunga mabuku ndi kuwerengera katundu pagolosale kwa zaka zinayi. Ake ndi 3, 1, 3, 1. Mukangophatikiza, onse ali ndi 8. Koma kulemera kukalowapo, woyamba amapeza 40, 75, 20 ndi 45, zomwe ndi 180, ndipo pa 100 ndi 60. Wachiwiri amapeza 120, 25, 60 ndi 15, zomwe ndi 220, ndiye kuti 73. Sivi ya dipuloma ndiyo ikanakukopani maso, koma amalume ananena okha kuti chachikulu kwa iwo ndi munthu amene anagwirapo kale ndalama za sitolo.

Komabe musalikhulupirire tebuloli mopyola. Likisi imodzi yokha pamutu wolemera 40 imasuntha munthu ndi 13. Choncho wa 73 ndi wa 70 ndi ofanana, musamusiye wina chifukwa cha 3 ameneyo. Yang'anani pamene pali mpata waukulu, mwina pakati pa 68 ndi 55, mudule pamenepo. Mukaonanso kuti pamutu wina pafupifupi aliyense wapeza 3, mutuwo sukusefa kanthu, tanthauzo la malikisi ake ndi lofewa kwambiri. Likhwimitseni, muwerengenso onse, osati okhawo amene mwawakonda.

Ntchito ya tebulo imathera pokupatsani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi oti aitanidwe ku intavyu. Kumeneko apatseni malisiti khumi ndi buku, muone ngati wa 73 uja angawalembedi bwino.