Chimfine chikabwereranso, tengani foni muwerenge kapumidwe

Juni ndi Julaye akafika, kwa Champiti kuno pafupifupi khomo lililonse kumamveka chifuwa. Chimfine wamba chimasautsa masiku atatu kapena anayi, kenako thupi limasiya kutentha, ngakhale chifuwa chimatha kukakamira sabata ziwiri. Chofunika kuchiopa ndi ichi: wodwala anayamba kupezako bwino, kenako thupi latenthanso kuposa poyamba. Zikatero, si chimfine chokha ayi.

M'mphuno ndi m'njira za mpweya muli timaubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa mamina ndi tizilombo. Vairasi ya chimfine imawononga timaubweyati, ndiye mabakiteriya amene amangokhala phee m'mphuno ndi pakhosi amapezerapo mpata. Akatsikira m'mapapo, chimenecho ndi chibayo. Akalowa kanjira kochoka kukhosi kupita kukhutu, m'khutu mumachita mafinya. Akatsekeredwa m'timphako ta m'mafupa a nkhope, amatupitsa masainasi.

Tiyerekeze mwana wa achemwali anu, wa zaka 2, anayamba kusewera tsiku lachinayi, koma lachisanu ndi chimodzi watenthanso. Dikirani akhale chete, osalira. Mukwezeni malaya, tcherani mphindi imodzi yathunthu pafoni, muwerenge kangati chifuwa chikukwera. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposa ndi kupuma mofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50, wosakwana miyezi 2 ndi 60. Mukapeza 46, bwerezani. Zikafanana, apite kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, ayezedwenso malungo. Koma ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akukanika kumwa, akukomoka kapena walefukiratu, musadikire kuti kuche. Mwana wotere angafunike okosijeni ku chipatala chachikulu cha Ntcheu.

Kwa wamkulu, chibayo chimadziwika ndi kubanika, kunjenjemera, ndi kubaya m'nthiti pokoka mpweya. Agogo ena satentha n'komwe, amangosokonezeka mutu.

Khutu limavuta kwambiri ana, poti kanjira kawo kaja n'kakafupi. Mwana amalira usiku, kumangogwira khutu. Mafinya akatuluka ululu umachepa, koma si kuchira kumeneko: kachikopa ka m'kati mwa khutu kabooka. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba. Kuseri kwa khutu kukatupa, thamangani.

Masainasi amawawa pamphumi ndi m'masaya, makamaka mukawerama. Mamina achikasu paokha si umboni wa mabakiteriya. Umboni ndi masiku 10 osasintha, kapena kudwalanso mutayamba kuchira. Chikope chikatupa, pitani tsiku lomwelo.

Nanga amokisilini wogula pagolosale tsiku loyamba la chimfine? Sapha vairasi, amangozoloweretsa mabakiteriya mankhwala. Katemera wa chibayo, amene ana m'Malawi muno akulandira kuyambira 2011, amateteza ku mitundu ina yokha ya mabakiteriyawa. Choncho ngakhale mwana wobayitsa akatenthanso, muwerengeni kapumidwe.