Musathamangire kusintha laini, yambani mwafunsa laputopu

Pa Sharpevale, monganso m'malo ambiri a m'mbali mwa msewu wa M5 pakati pa Balaka ndi Salima, munthu wa laputopu sakhala pa netiweki imodzi tsiku lonse. Mlangizi wa zaulimi amayamba m'mawa pa karauta ka ku ofesi, masana alumikiza ku foni yake ya laini ya TNM, madzulo abwereka ya mnzake ya Airtel kuti lipoti lipite ku boma la Ntcheu. Ndiye pamachitika chodabwitsa: kachizindikiro ka wayifayi kakusonyeza kuti walumikizidwa, bandulo ilimo, WhatsApp pa foni ikuyenda, koma pa laputopu palibe tsamba lomwe likutseguka. Ambiri apa amangoti netiweki yavuta, nkupita kukagula bandulo ina. Zimandipweteka mtima, chifukwa nthawi zina ndalamayo imangopita pachabe vuto lili m'kompyuta momwemo.

Kompyuta ikalowa pa netiweki imabwereka adilesi, manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho. Wobwereketsa ndi rauta kapena foni, kudzera mu njira yotchedwa DHCP, ndipo amaperekanso zinthu zina ziwiri: khomo lotulukira kupita ku intaneti, ndi seva ya DNS yomwe imatembenuza dzina la tsamba kukhala manambala. Kubwerekaku kuli ndi nthawi yake, ndipo theka la nthawiyo likatha kompyuta imapempha kuti ayiwonjezere. Mayankho a DNS nawo Windows imawasunga kwa kanthawi kuti isamangofunsa chimodzimodzi, ndipo imasunga ngakhale yankho loti dzinalo silinapezeke. Kawirikawiri mukasintha netiweki Windows imakonza zonsezi yokha. Koma mukangotseka chivundikiro osazimitsa, nkukatsegula kwina, nthawi zina imadzuka ikugwirabe zakale, ngati munthu amene wasamuka mudzi koma akupatsabe anthu keyala ya kwawo kwakale.

Mavutowa ndi awiri osiyana, adilesi yakale ndi mayankho akale a DNS, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Nchifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chongolemba malamulo onse motsatizana ngati mwambo, munthu osaona kaye chomwe chadwala. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `cmd`, mudine Enter. Pa zenera lakuda lomwe litseguke lembani:

```
ipconfig /all
```

Pezani chigawo cha wayifayi muwerenge mizere ya `IPv4 Address`, `Default Gateway` ndi `DNS Servers`. Tiyerekeze kuti mlangizi uja m'mawa anali pa karauta ka Huawei, komwe kamakonda kudzipatsa 192.168.8.1, ndipo laputopu inalandira 192.168.8.105. Tsopano ali pa foni. Mafoni ambiri akale a Android amapereka maadilesi oyamba ndi 192.168.43, atsopano amasinthasintha nambala yachitatuyo, pomwe iPhone imapereka oyamba ndi 172.20.10. Ngati zenera likusonyezabe 192.168.8.105, laputopu ikugogoda khomo lomwe linatsala ku ofesi. Ngati likusonyeza adilesi yoyamba ndi 169.254, popanda kanthu pa `Default Gateway`, ndiye kuti inapempha adilesi, palibe anayankha, ndipo yangodzipatsa yokha. Adilesi yotereyi siitulutsa munthu kupita ku intaneti. Zonse ziwirizi mankhwala ake ndi awa:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

Lamulo loyamba limabweza adilesi yakale, ndipo kulumikizana kumaduka pompo, choncho musalilembe fayilo ili mkati motumizidwa. Lachiwiri limapempha yatsopano. Lipatseni mpata, limatha kukhala chete kwa masekondi angapo. Likatha muone kuti manambala atatu oyamba a adilesi akufanana ndi a khomo lotulukira. Likabweza uthenga woti `unable to contact your DHCP server`, kulibwereza kakhumi sikuthandiza, chifukwa amene sakuyankha ndi foni kapena rauta. Zimitsani hotisipoti, muyiyatsenso, muonenso ngati anthu olumikizidwa sanakwane kale malire omwe mwini foni anaika.

Tsopano tinene kuti adilesi ili bwino koma masamba sakutsegukabe. Apa pali mayeso aafupi omwe ndimawakonda kwambiri chifukwa amalekanitsa nkhani msanga:

```
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Woyambawo ukupita ku seva ya Google mwachindunji pa manambala, osadalira dzina. Ukabweza mizere yoyamba ndi `Reply from 8.8.8.8`, njira ilipo. Yang'anitsitsani manambalawo, chifukwa yankho loti `Destination host unreachable` nalo limayamba ndi `Reply from` koma likuchokera kwa kompyuta yanu kapena rauta. Wachiwiri ukalephera ndi mawu oti `could not find host`, ndiye kuti chavuta ndi kutembenuza maina. Pa Chrome vuto lomweli limaoneka ngati `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`. Izi zimachitika, mwachitsanzo, pamene munayesa kutsegula tsamba netiweki isanakhazikike, kompyuta nkusunga yankho lolakwika. Apa ndiye pofunika:

```
ipconfig /flushdns
```

Muona mawu oti `Successfully flushed the DNS Resolver Cache.` Musaope: lamuloli silifufuta mafayilo, mawu achinsinsi kapena mbiri ya masamba omwe munatsegula. Limangotaya mayankho osungidwa, ndipo kompyuta imafunsa mwatsopano. Ofuna kuona zomwe zasungidwa asanazitaye alembe `ipconfig /displaydns`. Windows ikakana ndi mawu oti `requires elevation`, tsegulaninso zeneralo posankha `Run as administrator`. Kenako tsekani Chrome yense nkumutsegulanso, chifukwa nayenso amasunga mayankho akeake pambali.

Pali vuto limodzi lomwe malamulo onsewa saligwira, ndipo limakonda malaputopu a kuntchito ndi ogulidwa kwa munthu wina. Wina anaikamo adilesi kapena seva ya DNS pamanja, mwina pofuna kulumikiza pulinta ya mu ofesi. Chizindikiro chake chili pa zenera loyamba lija: mzere wa `DHCP Enabled` ukati `No`, kompyutayo siibwereka adilesi kwa aliyense, ndipo `/renew` ikanena kuti palibe choti nkuchita. Kapena adilesi yasintha bwinobwino koma `DNS Servers` ikusonyezabe 192.168.8.1 ya ku ofesi ija. Mungataye mayankho osungidwa kangati, mafunso atsopano azipitabe kwa seva yomwe kulibe. Kokonzera ndi uku: Windows ndi R, lembani `ncpa.cpl`, dinani kumanja pa wayifayi, `Properties`, kenako dinani kawiri pa `Internet Protocol Version 4`, musankhe `Obtain an IP address automatically` ndi `Obtain DNS server address automatically`. Musanasinthe, jambulani manambala omwe analipo ndi foni, ndipo ngati laputopu ndi ya kuntchito, yambani mwauza amene amayang'anira makompyuta, chifukwa mwina anawaika ndi cholinga.

Nanga `ping 8.8.8.8` ikalephera, adilesi ili bwino? Pamenepo siyani laputopu, mutenge foni. Zimitsani wayifayi yake, mutsegule tsamba wamba, osati WhatsApp. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula masamba ena, ndipo anthu ambiri amanamizidwa pamenepa poona mauthenga akulowa. Tsamba likakana pa foni pomwe, ndiye kuti bandulo yatha, ndi yolakwika, kapena netiweki yagwadi, mwina chifukwa magetsi azima ku nsanja.

Inu aphunzitsi, alangizi ndi anyamata okonza mafoni pa Sharpevale, lembani malamulowa pa kapepala mumate mkati mwa chikwama cha laputopu, ndipo wina akabwera akudandaula, muyambe ndi `ipconfig /all` musanamutume kukagula mayunitsi.