Fodya wa Pachala ndi Mankhwala a Mayi

Mwezi wathawu mayi anga, amene akhala akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo osadumphitsa, anaphonya tsiku lawo lokatenga mankhwala kuchipatala, ndipo pamene tinakhala pansi kufunsana kuti mlandu ugwere yani, tinapeza kuti panalibe mmodzi wa ife amene anaiwala. Mkulu wanga, amene ali ku Joni, anali atalemba tsikulo m'kalendala ya pa foni imene iye ndi mayi amaonera limodzi, ndipo madzulo a Lachiwiri anatumizanso uthenga pa WhatsApp wakuti mawa ndi tsiku la kuchipatala. Koma bandulo ya mayi inali itatha Lolemba, magetsi anathima Lachiwiri masana, foni inazima usiku womwewo, ndipo uthengawo unafika Lachinayi, ngati mlendo wobwera maliro ataikidwa kale.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chikumbutso chimene chiyenera kuyamba chadutsa pa intaneti kuti chikufikeni ndi fodya wa pachala, pakuti chimadalira zinthu zitatu panthawi imodzi: bandulo ikhalepo, netiweki igwire, ndiponso batire likhale ndi moto, chimodzi chokha chikasowa, chonsecho chapita. Kalendala ya pa foni imanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa tsiku limene linalowa kale m'foni limakumbutsidwa ngakhale popanda intaneti, koma tsiku limene m'bale walemba ali kutali limangoyembekezera panjira kufikira foni italumikizidwanso, ndipo iye akayang'ana foni yake amaliona lili bwinobwino, nagona mtima uli m'malo. Mkulu wanga akadayang'anitsitsa uthenga wake akadaona kachizindikiro kamodzi kokha m'munsi mwake, kusonyeza kuti wachoka kwa iye koma sunafike, popeza uthenga ukafika tizizindikiroto timakhala tiwiri. Uthenga wamba wa SMS ukadapitako bwino, pakuti sulira bandulo, ngakhale kuti nawonso sungadzutse foni yozima.

Choyamba chimene tinachita ndicho kuchotsa chikumbutso cha tsiku ndi tsiku chakumwa mankhwala pa intaneti ndi kuchiika m'alamu ya wotchi ya m'foni, imene imalira pa yokha popanda kufunsa netiweki. Ndipo kuti munthu adziwe ngati chikumbutso chake chikhaladi m'foni kapena chimachokera kunja, kuyesa kwake sikutenga nthawi: muyatse "Airplane mode", mutchere chikumbutsocho kuti chilire pakapita mphindi ziwiri, muike foniyo patebulo, mudikire. Chikalira, ndi chanu. Muyesenso kachiwiri mutayatsa njira yosungira batire, chifukwa mafoni ambiri, akaona moto ukuchepa, amagoneka mapulogalamu ena kuti asadye batire, ndipo pulogalamu yokumbutsa mankhwala imene mwana anakuikirani ikhoza kugonekedwa pamodzi ndi enawo, pamene alamu ya wotchi kawirikawiri imasiyidwa maso.

Koma alamu nayo ili ndi malire ake, pakuti mafoni ambiri amakono salira akakhala ozima, ndipo batire likatheratu palibe foni imene ingalire. Ife amene tinaona mdima wa 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko ndi kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, tinaphunzira kuti magetsi si chinthu choti munthu aziwerengera kuti abwera madzulo. Pawabanki imathandiza, koma musakhulupirire nambala yolembedwa pamsana pake: ya 10,000 mAh sipereka moto wonsewo, popeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika posamutsa, kotero kuti foni ya batire la 5,000 mAh imadzazidwa kamodzi ndi kagawo chabe. Ndipo m'nyumba ya adzukulu, kunena zoona, motowo umathera m'mafilimu dzuwa lisanalowe. Anamwali opusa a m'fanizo lija sanasowe nyali, anasowa mafuta.

Pa chifukwa chimenechi ntchito yodzutsa mayi tinaipereka kwa kafoni kakale ka mabatani, kamene kanali m'dilowa mwaulemu wa nkhalamba yopuma pa ntchito, pakuti kamasunga moto masiku angapo ndipo adzukulu sakasirira. Lamulo lake ndi limodzi: magetsi akangobwera, kaya ndi usiku pakati, kafoniko ndiko kayambe kulawa moto, foni zina zonse pambuyo. Kamalira 6 koloko m'mawa. Tinachotsanso kuchipinda wotchi yolumikiza ku magetsi, imene magetsi akathima ndi kubweranso imangophethira 12:00 ngati yadzidzimuka kutulo, ndipo m'malo mwake tinapachika wotchi ya pakhoma ya batire limodzi, limene limatha miyezi yambiri.

Komabe chimene chinandiphunzitsa koposa si wotchi ayi. Alamu imangouza munthu kuti nthawi yakwana, koma singamuuze ngati wachitadi chimene inamuitanira. Ndipo mayi, amene kafoni kamawapeza nthawi zina ali ndi mthiko m'manja, amakazimitsa akuti amwa akatha kuphika, kenaka masana n'kumadzifunsa ngati amwa kapena ayi. Kukayika kumeneku n'koopsa kuposa kuiwala, chifukwa kumakopa munthu kumwa kawiri, ndipo mankhwala otere samwedwa mobwereza pongoganizira. Tinagula kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, chipinda chimodzi tsiku limodzi, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi mdzukulu wamkulu amakadzaza mayi akuona. Chipinda cha Lachitatu chikakhala chopanda kanthu, ndiye kuti amwa, ndipo palibe magetsi amene angafafanize umboni umenewo. Kabokosiko timakaika pamwamba pa chitini cha masamba a tiyi, kotero kuti ngakhale kafoni katafa, dzanja silingafike pa tiyi lisanakhudze mankhwala. Ndiponso pamenepo m'pamwamba, posafika ana aang'ono.

Tsiku la kuchipatala, limene linatigwetsa poyamba, tinalibwezera kumene linachokera. Anamwino amalilemba m'buku la kuchipatala, ndipo tsopano mayi akangofika kunyumba, asanavule nsapato, tsikulo limakoperedwa pa kalendala ya pepala ya pakhomo, ndi kuzunguliza kawiri: tsiku lenilenilo, ndi lina masiku atatu lisanafike, loti ndalama ya minibasi ipezeke. Kabokosi nako kamachenjeza, pakuti wodzaza akaona kuti mapiritsi otsala m'kathumba sakwana kudzaza sabata yotsatira, amadziwa kuti ulendo wayandikira. Mkulu wanga sitinam'chotse pa udindo, popeza mutu umodzi susenza denga, koma tinam'pempha kuti aziimba foni ya mawu pa kafoni ka mabatani, osati kulemba, ndipo mayi akapanda kuyankha aziimbira mayi a kuseri kwa mpanda, amene amangoitana pazenera.

Njira imeneyi nayo imafuna msamaliri, pakuti batire la wotchi ya pakhoma likayamba kutha wotchiyo imatsalira kapena kuima mosachenjeza, ndipo kafoni ka mabatani kakazimiratu nthawi yaitali kakhoza kusokoneza tsiku ndi ola, n'kumalira nthawi yolakwika mokhulupirika. Chotero wodzaza kabokosi Lamulungu amayerekezanso mawotchi onse awiri ndi nthawi ya pa wailesi.

Inu amene muli ndi kholo kumudzi ndipo mumalikumbutsa pa foni, usiku uno muyang'ane uthenga wanu womaliza, muwerenge ngati tizizindikiro tili tiwiri.