Lova wa ku Nkaya ndi lova wa ku Liwonde sadwala nthenda imodzi

Pa mayeso a maphunziro a zachuma pali funso lomwe limabwerabwera. Amakufotokozera za anthu atatu omwe sali pa ntchito, kenako amati tchula mtundu wa ulova wa aliyense. Ophunzira ambiri amaloweza mayina atatu aja, fulikishonolo, sitirakicholo ndi saikilikolo, koma akafika pa nkhani ya munthu weniweni amasokonezeka. Ena amati funsoli n'lachabe, linapangidwira maiko a mafakitale, silikukhudza munthu wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja. Ine ndikuona kuti odandaulawa ali ndi mfundo, koma mfundo yawo siigwetsa funsolo. Tiyeni tiliyese pa anthu a kuno kwathu.

Tiyerekeze kuti funso lalembedwa motere. Woyamba ndi mtsikana amene ankagulitsa mu sitolo ya zipangizo zomangira ku Balaka. Wasiya yekha chifukwa banja lake lasamukira ku Liwonde, ndipo kwa masabata atatu wakhala akuyenda m'masitolo kufunsa malo. Wachiwiri ndi bambo amene ankagwira ntchito pa malo oimbirapo foni, aja tinkalipira pa mphindi kumayambiriro a zaka za m'ma 2000. Mafoni a m'manja atafika m'thumba la aliyense, malowo anatsekedwa. Wachitatu ndi mnyamata woperekera zakudya pa malo ogona alendo pafupi ndi nkhalango ya Liwonde, amene anauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba mu 2020, alendo atasiya kubwera.

Cholakwa choyamba cha wophunzira n'kuyang'ana munthuyo: kodi ndi wophunzira, kodi ndi waulesi, wakhala nthawi yaitali bwanji? Mayankho sali mwa munthu, ali mu chimene chachititsa. Funso loyamba kudzifunsa n'lakuti, ntchito yoyenera luso lakeli ilipo pakali pano? Kwa mtsikana uja ilipo. Masitolo a ku Liwonde amalemba ogulitsa, iye amadziwa mtengo wa simenti ndi malata, kungoti mwini sitolo ndi iyeyo sanakumane. Uwu ndiwo ulova wa fulikishonolo, ulova wa pakati pa ntchito ziwiri. Umabwera chifukwa kufufuza kumatenga nthawi ndipo uthenga suyenda msanga. Sutha ngakhale chuma chitayenda bwino chotani, ndipo nthawi zina ndi wabwino, poti munthu amene wadikira mwezi n'kupeza malo omuyenera waposa amene wathamangira ntchito yoti aisiya mawa.

Ngati ntchito yoyenera luso lake palibe, funso lachiwiri n'lakuti, chuma chikadzuka, anthu n'kuyambanso kugula, ntchito yomweyo idzabwerera? Apa ndi pomwe bambo wa foni ndi mnyamata wa ku nkhalango amasiyana. Ngakhale aliyense ku Balaka atalemera mawa, palibe amene adzaime pa mzere kuti aimbe foni ya pa tebulo. Atalemera ndiye agula foni yapamwamba kuposa yomwe ali nayo. Ntchito ija inafa, ndipo zimene msika ukufuna tsopano, monga kukonza mafoni kapena kutumiza ndalama pa foni, zikufuna luso lina ndi mpamba. Uwu ndi ulova wa sitirakicholo: kapangidwe ka chuma kasintha, luso kapena malo a munthu sizikugwirizananso ndi ntchito zomwe zilipo.

Mnyamata uja ndi wosiyana. Luso lake silinathe ntchito, njovu ndi mvuu za mu Shire sizinasamuke. Matenda a korona atalengezedwa m'Malawi mu Epulo 2020, maulendo anaima, anthu anaumira ndalama, ndipo chuma cha dziko chomwe chinakula ndi pafupifupi 5 pa 100 mu 2019 chinangokula ndi pafupifupi 1 pa 100 chaka chotsatiracho. Kugula kunatsika m'magawo ambiri nthawi imodzi. Alendo atayambanso kubwera, ntchito zamtunduwu zinabwerera. Ndiwo ulova wa saikilikolo, womwe umakwera chuma chikagwa n'kutsika chuma chikadzuka. Chizindikiro chake pa pepala la mayeso ndi mawu onena za dziko lonse: malonda atsika paliponse, makampani a mitundu yosiyanasiyana akuchotsa anthu pamodzi.

Mpaka apa zinthu zikuoneka zosavuta, ndipo n'chifukwa chake otsutsa amakwiya. Amati moyo suli choncho. Tengani njanji. Pakati pa 2012 ndi 2015 kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yochokera ku migodi ya malasha ya Moatize, kudutsa m'Malawi kudzalumikiza pa Nkaya m'boma la Balaka, n'kukonzanso njanji yakale yodutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi. Anthu ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa njanji anapeza maganyu. Ntchito itatha anabwerera kunyumba. Awa tiwaike pati? Chuma cha dziko sichinagwe chifukwa njanji yatha. Luso lawo silinalandidwe ndi makina. Sanasiye okha.

Yankho langa n'lakuti gulu limeneli siliyenera dzina limodzi, ndipo mafunso awiri aja ndi omwe amatithandiza kuona zimenezi. Wowotcherera zitsulo amene anatuluka pa Nkaya ali ndi luso lomwe likufunika pa ntchito ina ya zomangamanga, atakhala miyezi iwiri akufunsafunsa, anali pa ulova wa pakati pa ntchito ziwiri. Koma wonyamula miyala, amene njanji yomalizidwayo ikufuna oyendetsa sitima ndi amisiri osati mphamvu zake, ndipo kwawo kulibe ntchito ina yolemba anthu ochuluka chotero, ali pa ulova wa kusagwirizana kwa luso ndi msika. Anachotsedwa tsiku limodzi, pa geti limodzi, koma mankhwala awo ndi osiyana. Woyambayo akungofuna uthenga wa komwe kuli ntchito ndi ndalama ya basi. Wachiwiriyo mukamupatsa uthenga wokha mwamunyoza.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yolemera kuposa yoyamba. Amati ulova waukulu wa ku Machinga ndi Balaka suli m'gulu lililonse mwa atatuwa. Mlimi wa thonje ku Utale kapena ku Phalula amatanganidwa kuyambira mvula yoyamba mpaka atathyola, kenako manja ali lende miyezi ingapo. Wogwira ntchito pa makina ochotsa njere za thonje amalembedwa nyengo yogula ikayamba, n'kutsanzikidwa thonje likatha. Umenewu ndi ulova wa nyengo, mtundu wachinayi, ndipo ophunzira ambiri amauphatikiza ndi saikilikolo poti onse awiri amapita n'kubwera. Kusiyana kwake n'kwakuti wa nyengo umatsata kalendala, umadziwikiratu, ndipo umabwera ngakhale chaka chabwino. Wa saikilikolo palibe angakuuze mwezi wake. Komabe ngati makina a thonje atsekedwa kotheratu chifukwa alimi asiya mbewuyo n'kuyamba nandolo, nkhaniyo yachoka pa nyengo yafika pa kusintha kwa kapangidwe ka chuma. Mawu amodzi mu funso, "chaka chilichonse" kapena "mpaka kalekale", amasintha yankho.

Palinso vuto la kawerengedwe. Pa muyeso womwe maiko amagwiritsa ntchito, munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi pa sabata amawerengedwa kuti ali pa ntchito, ndipo lova ndi yekhayo amene alibe ntchito, ali wokonzeka kuigwira, komanso akuifunafuna. Kafukufuku wa za ntchito wa 2013 m'Malawi anapeza ulova wa pafupifupi 7 pa 100 pa muyeso wokhwimawu, koma pafupifupi 21 pa 100 atawerengera ndi omwe anatopa n'kufunafuna. Mnyamata wa kabaza amene waima pa siteji ya Liwonde tsiku lonse n'kunyamula anthu awiri okha, m'mabuku ali pa ntchito. Apa otsutsa akunena zoona ndithu. Mitundu itatu ija imagawa anthu omwe awerengedwa kale kuti ndi malova, siinena kanthu za khamu lomwe likugwira ntchito yosakwana kudya.

Ngakhale saikilikolo weniweniyo kuno amavala zovala zachilendo. M'mabuku, kutsatira maganizo a John Maynard Keynes a mu 1936, chuma chimagwa chifukwa anthu asiya kugula, ndipo boma limachidzutsa poonjezera ndalama zomwe likugwiritsa ntchito kapena potsitsa chiwongoladzanja. Kwathu kuno chuma chimagwa kawirikawiri chifukwa mvula yakana, mafuta ndi ndalama zakunja zasowa monga mu 2011 ndi 2012, kapena namondwe wakokolola minda monga Freddy mu Malichi 2023. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018, asodzi sanasowe ogula matemba, anasowa matembawo. Kuthira ndalama m'matumba a ogula sikukanabweza madzi. Wophunzira wochenjera azindikire kuti funso likatchula chilala m'dera limodzi silikunena za saikilikolo, pokhapokha litawonjeza kuti kugula kwatsika m'dziko lonse.

Nanga aphunzitsi omwe amamaliza maphunziro m'makoleji ngati ya Machinga n'kudikira zaka boma lisanawalembe? Ambiri amathamangira kuyankha kuti ndi ulova wa pakati pa ntchito, poti m'mabuku womaliza sukulu amene akufuna ntchito yoyamba amaikidwa m'gulu limenelo. Yankholi n'loona pokhapokha ngati malo alipo ndipo akungodikira kalata. Ana m'makalasi ndi ochuluka, aphunzitsi akufunika, koma malo olipidwa kulibe chifukwa thumba la boma ndi lochepa. Kufunika kwa ntchito si malo a ntchito. Kudikira kukapitirira chaka ndi chaka, m'nyengo zabwino ndi zoipa zomwe, ine ndimakuika ku sitirakicholo, chifukwa chiwerengero cha ophunzitsidwa sichikugwirizana ndi malo omwe olemba ntchito angathe kulipira. Wina angatsutse, ndipo pa mayeso ofuna kufotokoza, chomwe chimapatsa malikisi ndi chifukwa chomwe wapereka.

Ndiye tiutaye mgawanyo umenewu? Ayi. Kuperewera kwake n'kwakuti suona mlimi wa chilimwe ndi wakabaza wopanda okwera, ndipo aphunzitsi a zachuma azinena zimenezi poyera m'kalasi. Koma pomwe ukuona, umaletsa cholakwa chomwe chimadya ndalama zambiri, kupereka mankhwala amodzi kwa odwala atatu. Maphunziro a ntchito zamanja sathandiza woperekera zakudya amene akungodikira alendo, monganso kudzuka kwa chuma sikutsegula malo oimbirapo foni.

Inu amene mukulowa m'chipinda cha mayeso, musanalembe dzina lililonse mwa atatu aja, lembani mzere pansi pa mawu omwe akunena chifukwa chimene munthuyo alibe ntchito. Ngati funso silinatchule chifukwa, nenani chomwe mwaganizira, kenako yankhani.